Yankho la kalata imene sindinalembe

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya loji ina ku Senga Bay, ndipo maimelo onse a pamalopa, kaya ndi a alendo ofuna zipinda, a mabungwe ofuna holo ya misonkhano kapena a amalonda otigulitsa zakudya, amayamba adutsa m'manja mwanga. Lolemba lina m'mawa, pa nyengo imene mabungwe a ku Lilongwe amachulukitsa misonkhano kunyanja kuno, ndinapeza imelo yochokera kwa munthu amene dzina lake linali lachilendo kwa ine. Mutu wake unali wakuti `Re: Oda yanu ya mpunga, matumba 20`, ndipo m'kati mwake munali mawu ochepa chabe, onena kuti mpunga wa Kilombero ulipo, wopuntha kale, ndipo akungodikira kuti tiwauze tsiku lobweretsa.

Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu ya mpunga, ndipo oda yotere siyingatuluke pa loji pathu popanda siginecha ya manejala. Ndinafufuza m'maimelo onse amene tinatumiza, koma dzina la munthuyo silinapezeke. Ndinapita kukhitchini kukafunsa ophika wamkulu, nawonso anakana. Ndinaimbira foni mnzanga amene anandigwirira ntchito pamene ndinali patchuthi, ndipo funso langa, ngakhale ndinalifewetsa, linamveka ngati ndikumuganizira kuti anachita malonda mobisa m'dzina la loji. Pofika nthawi ya tiyi, anthu angapo anali atasiya ntchito zawo n'kumafunsana za oda imene kunalibe, ndipo mmodzi wa iwo anali atakhumudwa nane. Zonsezi zinayambira pa zilembo ziwiri ndi timadontho tiwiri toikidwa kutsogolo kwa mutu wa imelo, ndipo nkhaniyi yakhala ikundibwerera nthawi iliyonse imene inenso ndikulemba imelo yokumbutsa munthu amene sanandiyankhe.

## Zimene Re: amalonjeza

Munthu akadina batani la `Reply`, pulogalamu ya imelo imachita zinthu ziwiri, chimodzi chooneka ndi china chobisika. Chooneka ndi kuika `Re:` kutsogolo kwa mutu wakale. Mwambo umenewu unalembedwa m'chikalata chotchedwa RFC 5322, cha m'chaka cha 2008, chimene chimafotokoza kapangidwe ka imelo, ndipo chimanena kuti `Re:` aikidwe kamodzi kokha kutsogolo kwa mutu wa imelo imene ikuyankhidwayo. Chobisika ndicho chofunika kwambiri. Imelo iliyonse imabadwa ndi nambala yakeyake, yolembedwa pamzere wotchedwa `Message-ID`, ndipo yankho lenileni limanyamula nambala ya imelo imene likuyankha pamizere ina iwiri. Pa yankho loona, mizereyo imaoneka chonchi:

```
Subject: Re: Oda yanu ya mpunga, matumba 20
Message-ID: <b72@example.com>
In-Reply-To: <a15@example.org>
References: <a15@example.org>
```

Mzere wa `In-Reply-To` umatchula imelo imene ikuyankhidwa, pamene wa `References` umasunga nambala za maimelo am'mbuyo a nkhani yomweyo. Mizere imeneyi, pamodzi ndi mutu, ndi imene imathandiza pulogalamu kumanga maimelo onse a nkhani imodzi mu mtolo umodzi, kuti ukatsegula latsopano uonenso zimene zinanenedwa kale. Munthu akangotaipa yekha `Re:` pa imelo yatsopano, amakhala waika chizindikiro cha yankho popanda mizere ija, ndipo imeloyo imafika ili yokhayokha, yopanda chilichonse pamwamba kapena pansi pake.

Masana a tsiku lomwelo ndinatsegula imelo ya mpunga ija pa kompyuta, ndinadina timadontho titatu ta kumanja kwake mu Gmail, n'kusankha `Show original`. Mzere wa `Message-ID` unalipo, koma wa `In-Reply-To` ndi wa `References` kunalibe. Kuti nditsimikize, ndinalemba `in:anywhere` pamodzi ndi adiresi yake m'bokosi lofufuzira, chifukwa lamulo limenelo limafufuza ngakhale m'maimelo otayidwa ndi a mu `Spam`, ndipo panatuluka imelo imodzi yokha yam'mbuyo, yochokera kwa munthu yemweyo, yotsatsa mpunga kwa maloji ambiri nthawi imodzi. Palibe aliyense wa ife amene anali ataiyankha.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Kusowa kwa mizere ija si umboni wotheratu, popeza pali mapulogalamu ena amene saiika ngakhale pa yankho loona, ndiponso mbava yodziwa ntchito yake ikhoza kuilemba yokha. Umboni wodalirika ndi wa m'bokosi lako la `Sent`: ngati mulibe imelo yopita kwa munthuyo yokhala ndi mutu umenewo, ndipo palibe mnzako wa mu ofesi amene anamulembera kuchokera ku adiresi ina, ndiye kuti chimene chafikacho si yankho.

## Atabwera ndi sampulo

Sindinamuyankhe. Patapita masabata angapo, pachipata panafika mnyamata wa pa njinga yamoto, atavala bwino, ali ndi kathumba ka mpunga m'manja. Anali wochokera cha ku Lifuwu, ankagula mpunga kwa alimi, kupunthitsa ndi kugulitsa m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Atatchula dzina lake ndinalikumbukira nthawi yomweyo.

Ndinamupatsa mpando, ndinatembenuza kompyuta kuti aone, n'kufunsa kuti, "Achimwene, oda imene munalembayi anakupatsani ndani?"

Anayang'ana imeloyo, kenako anaseka pang'ono mwamanyazi. "Palibe amene anandipatsa, amayi. Imelo yoyamba simunayankhe, ndiye mnzanga wina wa ku Lilongwe anandiuza kuti ndikaika Re kutsogolo anthu amatsegula msanga, chifukwa amaganiza kuti ndi nkhani imene akuidziwa kale."

"Ndipo ndinatseguladi msanga," ndinatero. "Koma mukudziwa chimene ndinachita nditatsegula?"

Ndinamufotokozera za ophika, za foni ija, ndi za mnzanga amene kwa masiku angapo ankangondipatsa moni wa pakamwa. Nkhope yake inasintha. Chimene chinandikhudza n'chakuti mnyamatayo sankadziona ngati wanama. M'maganizo ake, bodza ndi kunena kuti mpunga ndi wa Kilombero pamene wasakanizidwa ndi wina, kapena kuchepetsa sikelo, ndipo pa zimenezo anali wokhulupirika, pakuti mpunga wa m'kathumba kaja unali wabwino ndithu, wonunkhira komanso wosasweka. Mutu wa imelo ankauona ngati belu la pa njinga, longoimbira kuti anthu acheuke, osati ngati mawu amene munthu angakufunse nawo mlandu. Koma mutu wakewo unanena zinthu ziwiri zomveka bwino: `Re:` ananena kuti ife tinamulembera, ndipo mawu akuti "oda yanu" ananena kuti tinagwirizana zogula. Zonse ziwiri sizinali zoona.

Anandifunsa funso limene ndimaliona kuti linali loyenera: "Nanga ndikanalemba chiyani, amayi, popeza mutu wabwinobwino simunautsegule?" Ndinamuuza kuti imelo yake yoyamba inali ndi mutu wakuti `Moni`, ndipo munthu amene ali ndi alendo odikira makiyi pa kauntala satsegula `Moni` wochokera kwa mlendo. Akanalemba kuti `Mpunga wa Kilombero wa ku Lifuwu: ndibweretse sampulo Lachinayi?` ndikanadziwa chimene akugulitsa, kumene chikuchokera ndi chimene akufuna kwa ine ndisanatsegule n'komwe, ndipo yankho lake ndi mawu amodzi, inde kapena ayi. Vuto la imelo yoyamba silinali lakuti inali yoona, koma kuti mutu wake sunanene kanthu.

Manejala atamva kuti ndi yemwe uja wa matumba 20, anakana kumuika pa mndandanda wa otigulitsa zinthu chaka chimenecho. Ine ndinaona ngati chilangocho chinakula kuposa mlandu, koma chifukwa chawo sindikanachitsutsa. Akuba amene amatumiza mainvoyisi abodza okhala ndi nambala ya akaunti yosinthidwa amagwiritsa ntchito njira yomweyi, yodzionetsa ngati akupitiriza nkhani yakale, moti aliyense wosunga ndalama za kampani amaphunzira kuchita mantha akaona `Re:` wopanda chiyambi. Wamalonda wachilungamo akabwereka njira imeneyi amadziika yekha m'gulu limenelo.

Makampani oyendetsa maimelo nawonso sakondwera nazo. Malangizo a Google kwa otumiza maimelo amanena kuti mutu usayambe ndi `Re:` kapena `Fwd:` pokhapokha imeloyo ikhaledi yankho kapena yopatsira, ndipo kuyambira mu Febuluwale 2024 amafuna kuti maimelo amene olandira akuwadandaula kuti ndi sipamu asafike atatu pa 1,000 alionse. Ku America, lamulo la CAN-SPAM la m'chaka cha 2003 limaletsa mitu yonyenga pa maimelo a malonda. Kwa wogulitsa mpunga wa ku Lifuwu, choopsa chapafupi si lamulo la kutali limenelo. Ndi mlembi mmodzi wokwiya amene wadina `Report spam`, chifukwa zikatero maimelo ake otsatira, ngakhale olembedwa bwino, akhoza kumangofikira kumene palibe amene amayang'anako.

## RE wa papepala

Pali chinthu china chimene chimasokoneza nkhaniyi kwathu kuno, ndipo si chinyengo ayi. Tonse amene tinaphunzira kulemba kalata ya ku ofesi kusukulu tinazolowera kuika RE pamwamba pa nkhani, m'zilembo zazikulu, n'kudula mzere kunsi kwake, kusonyeza chimene kalatayo ikukamba. Kalata yofunsira ntchito, ya kwa DC, ya kubanki, zonse zimayenda motero. Anthu ambiri aulemu wawo, makamaka achikulire, akasamukira pa imelo amatenga mwambo womwewo n'kuuika m'bokosi la `Subject`, ndipo ine ndimalandira maimelo otere ochokera kwa aphunzitsi, abusa ndi alembi a makomiti amene alibe n'cholinga chomwe chopusitsa munthu.

Kusiyanitsa awiriwa sikovuta. RE wa papepala amabwera ndi mutu wa zilembo zazikulu zokhazokha, ndipo imeloyo imayamba ndi kudzidziwitsa, pamene `Re:` wachinyengo amabwera ndi mawu ochita ngati mukudziwana kale, monga "tikungodikira yankho lanu" kapena "monga tinakambirana". Komabe wolandira amene ali pa foni amaona mutu wokha poyamba, ndipo kwa kanthawi amasokonezeka chimodzimodzi. Bokosi la `Subject` limagwira kale ntchito imene RE amagwira papepala, choncho kumuikamonso n'kubwereza kosafunika. Amene akufuna kusunga mwambo wa ku ofesi aike RE wakeyo m'kalata imene akuimangirira ku imelo, kapena pamzere woyamba wa m'kati, ndipo mutu ausiye wopanda chizindikirocho.

## Kotesheni imene sinayankhidwe

Gawo lalikulu la ntchito yanga ndi kukumbutsa anthu, choncho vuto la mnyamata uja ndimalidziwa kuchokera mbali yakenso. Nditenge chitsanzo cha mtundu umene umabwera pafupipafupi. Bungwe lina la ku Lilongwe limandilembera kupempha kotesheni ya msonkhano wa anthu 30, wa masiku atatu, kuyambira pa 14 mpaka pa 16 Okutobala, ndi zipinda 15. Ndimayankha podina `Reply`, ndimamangirira kotesheni, ndipo mutu umakhala `Re:` wotsatidwa ndi mutu wawo. Uyu ndi `Re:` woona, chifukwa iwo ndi amene anayamba. Kenako kumakhala zii, ndipo ndikudziwa chifukwa chake: a ku ofesi yogula zinthu kawirikawiri amasonkhanitsa makotesheni atatu asanasankhe, ndipo mafomu amayenda pang'onopang'ono.

Pakapita masiku atatu kapena anayi a ntchito, chikumbutso choyamba ndimachilemba mu mtolo womwewo, osasintha mutu. Chifukwa chake n'chakuti wolandirayo akufunika kuona pempho lake, yankho langa ndi kotesheni pamalo amodzi, kuti asavutike kufufuza. Apa mutu sungathe kunena chatsopano, ndiye ntchitoyo imagwera mzere woyamba wa imelo, umene mapulogalamu ambiri amauonetsa pambali kapena pansi pa mutu. Sindiyamba ndi moni wautali. Ndimalemba kuti, "Ndikufuna kudziwa ngati kotesheni ya pa 14 mpaka pa 16 Okutobala inakufikani, komanso ngati chiwerengero cha anthu 30 chikadali chomwecho." Moni ndi ulemu zimabwera pambuyo pake, ndipo sindinaonepo wokhumudwa nazo.

Zinthu zimasintha pakabwera nkhani yatsopano. Tiyerekeze kuti bungwe lachiwiri lafunsa holo yomweyo pa masiku omwewo, ndipo manejala anena kuti tisungire oyambawo mpaka Lachisanu masana. Uwu si ulendo winanso wofunsa ngati imelo inafika. Ndi uthenga umene wolandira ayenera kuudziwa ngakhale asatsegule, ndiye ndimalemba imelo yatsopano yokhala ndi mutu wakewake, wopanda `Re:`:

```
Holo ya 14-16 Okutobala: tikusungirani mpaka Lachisanu masana
```

Mutu umenewu ndimaumanga motsatira mmene munthu amawerengera pa foni, pamene mawu oyambirira okha ndi amene amaoneka, enawo n'kudulidwa. Ndimayamba ndi chinthu chimene wolandira angachizindikire kuti n'chake, chomwe ndi holo ndi masiku, kenako chimene chasintha. Dzina la loji sindiliika, popeza likuoneka kale pa dzina la wotumiza, ndipo mawu akuti "chikumbutso" kapena "kutsatira imelo yanga" ndimawasiya, chifukwa amadya malo n'kumanena za ine m'malo monena za msonkhano wawo. Kotesheni ndimaimangiriranso, pakuti imelo yatsopano ilibe zakale pansi pake, ndipo m'kati ndimatchula tsiku limene ndinaitumiza koyamba. Ndisanatumize, nthawi zina ndimadzitumizira ndekha n'kuona pa foni pamene mutu ukudukira.

Chinthu chimodzi sindichita pa mutu wotere: sindilemba Lachisanu ngati palibe Lachisanu. Tsiku lomaliza lopeka ndi bodza la mtundu womwewo ndi `Re:` wopeka, ndipo limagwidwa mosavuta, chifukwa wolandira akaimba Lolemba n'kupeza holo ikadalipo popanda funso lililonse, amadziwa kuti masiku a m'mitu yanga alibe mano. Chimodzimodzi ndi mawu akuti `URGENT` m'zilembo zazikulu, amene maofesi athu amawakonda kwambiri moti anasiya kuthamangitsa aliyense. Ngati palibe bungwe lachiwiri, ndiye kuti palibe nkhani yatsopano, ndipo ndimakhalabe mu mtolo wakale kapena ndimaimba foni.

Lachisanu likadutsa popanda yankho, ndimatumiza imelo yomaliza, ya mutu wakuti `Holo ya 14-16 Okutobala: tamasula masiku aja`, ndipo m'kati ndimanena masiku ena amene holo ili yopanda anthu. Kawirikawiri imeneyi ndi imene imayankhidwa, mwina chifukwa chakuti sikupempha kanthu. Ndikanena kuti ndi yomaliza, imakhaladi yomaliza.

Pa Gmail pali msampha waung'ono wofunika kuudziwa. Ukadina `Reply` kenako n'kusankha `Edit subject`, imeloyo imachoka mu mtolo wakale n'kuyamba wake, ngakhale kuti mawu akale amatsalira pansi pake. Zimenezi n'zothandiza pamene nkhani yasinthadi, koma munthu ayenera kuwerenga zimene zatsalira pansizo asanatumize, makamaka ngati waonjezera olandira atsopano amene sanayenera kuona mitengo imene inakambidwa poyamba.

## Kudziyankha wekha

Patsala nkhani imene anthu amatsutsana, ndipo inenso ndinatenga nthawi kuti ndikhazikike pa maganizo amodzi. Munthu akalembera mlendo amene sanamupemphe kanthu, osayankhidwa, kenako n'kutsegula imelo yake yomwe mu `Sent` n'kudina `Reply`, pulogalamu imaika `Re:` yokha, mizere yobisika ija imakhalapo yonse, ndipo imelo yoyamba imaoneka pansi. Palibe chimene wapeka. Komabe wolandira, akaona `Re:` pa dzina limene salidziwa, amayamba waganiza kuti mwina analembapo kanthu.

Ine ndimasiyanitsa potengera amene anayambitsa nkhani. Ngati wolandirayo anapempha kanthu, kapena tinakumana n'kugwirizana kuti ndimulembere, kudziyankha mu mtolo womwewo n'koyenera ndipo kumamuthandiza. Ngati sanandipemphe kanthu ndipo sananenepo liwu lililonse, ndimalemba imelo yatsopano ya mutu wabwino kuposa woyamba, ndipo mzere woyamba umanena poyera kuti ndinalembapo kale pa tsiku lakutilakuti ndipo aka n'kachiwiri. Chifukwa changa si cha chilungamo chokha. Ngati mutu woyamba sunamukope munthuyo, kuubwereza ndi `Re:` kutsogolo n'kumutumizira chinthu chomwecho chimene anachidumpha kale.

Palinso `Re:` woona amene amanamiza mwa njira ina, ndipo ameneyu ndi wofala kwambiri m'maofesi mwathu. Munthu akafuna kundilembera, safufuza adiresi yanga, amangotsegula imelo iliyonse yakale n'kudina `Reply`. Motero invoyisi ya nkhuku za mu Malichi imafika ndi mutu wa phwando la Khirisimasi, ndipo patapita miyezi, a maakaunti akaifuna, palibe amene angaganize zokaifufuza kumeneko. Otigulitsa zinthu amene amachita zimenezi ndimawayankha ndi imelo yatsopano, yokhala ndi nambala ya invoyisi ndi mwezi wake pa mutu, n'kuwapempha kuti za invoyisi imeneyo tizikambirana pa imelo yatsopanoyo. Ambiri amatsatira kuyambira pamenepo, makamaka akazindikira kuti invoyisi yopezeka msanga imalipidwanso msanga.